Tsiku Limene Kanyali Kanaleka Kuphethila

Ku Petauke mukafunsa za Agnesi dalaivala, ena amayamba ndi kuseka, ena amapukusa mutu. Onse amagwilizana pa chinthu chimodzi: mkazi ameneyu sakakamizika. Ndi wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo akakhala pa chiwongolelo amaika khushoni pansi kuti aone bwino kutsogolo.

Atate ake, aDomingos, anaoloka malile kuchokela ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, atanyamula khasu lopanda mpini ndi Baibulo la Chipwitikizi limene sankatha kuwelenga. Nkhondo itatha anzao ambili anabwelela kwao. Iwo anati munda umene anagwetsa mitengo ndi manja ao sangausiye. Agnesi anabadwila kuno, anaphunzila kuno, Chinsenga amalankhula ngati wina aliyense, koma mpaka lelo akakangana ndi munthu pa siteshoni samachedwa kumva mau akuti, "Iwe wa ku Mozambiki iwe." Iye amangoyankha kuti, "Mchombo wanga unagwela m'dothi lomweli. Wako unagwela kuti?"

Kuyendetsa anaphunzilila pa thalakitala ya alimi a thonje ali mtsikana. Atakwatiwa ndi Titus Daka, mlimi wa nshawa wa kwa Kalindawalo, anatenga laisensi, anthu akuseka kuti mwamuna alime, mkazi aziliza hutala. Titus sanadandaule. Ndi munthu wokonda ng'ombe zake kuposa mseu. Mwana wao woyamba anamutcha Chisomo.

Mkulu wake wa Titus, aEustace Daka, ali ndi sitolo ya mbeu ndi feteleza m'tauni. Atagula vani ya zitseko zinai, yotseguka kumbuyo koika katundu, yogwilapo kale nchito koma ya makono, anaona kuti ndi bwino aiyendetse munthu wa pa banja. Anaitana mlamu wao. Kwa zaka zingapo Agnesi ndiye anali kupeleka feteleza kumidzi, kutenga odwala a pa banja kupita nao ku chipatala, ndi kunyamula maliro a achibale mvula ndi dzuwa.

Vani imeneyi inali ndi kanyali kachikasu kumbuyo kwa chiwongolelo, kojambulidwa ngati kagalimoto kokhala ndi mizele iwili yokhotakhota pansi pake. Mukaliza injini kankayaka limodzi ndi tinzake, kenako n'kuzima. Mvula yoyamba Agnesi atakaona kakuthwanima m'matope anapita kwa Abednego, makaniko wa kuseli kwa msika, amene anakula naye mpingo umodzi.

"Kakamaphethila usaope," anatelo Abednego. "Pa wilo lililonse pali kasensa kowelenga mmene likuzungulila. Wilo likayamba kuzungulila pamalo pamodzi, motoka imachepetsa yokha mphamvu ya injini n'kuligwila wilo lija ndi buleki. Ikayamba kupita chammbali kusiyana ndi kumene waloza chiwongolelo, imagwila wilo limodzi kuti ikuwongole. Kuphethilako ndi kukuuza kuti ili pa nchito, ndiponso kuti pansi pakutelela, uchepetse. Koma tsiku limene kadzayake osazima, udziwe kuti chinachake chafa ndipo watsala wekha."

Agnesi sakhulupilila chinthu asanachiyese. Anapita nayo pa bwalo la mpila litanyowa, n'kuiponda dala. Anamva injini ikubweza mphamvu phazi lake lili pomwepo, pansi pakumveka kugogoda kwa mabuleki, kanyali kakuthwanima. Anazungulila kangapo mpaka thupi lake litazolowela.

Nkhani imene anthu amamukumbukila nayo inachitika mu Febuluwale, pa ukwati wa Thandiwe, mwana woyamba wa aEustace. Mnyamata anali wa ku Kacholola, ndipo ukwati unali wokadalitsila ku tchalitchi cha kwao Loweluka m'mawa.

Lachisanu Agnesi anayenela kukatenga azakhali a mkwatibwi kwa Sandwe, pamodzi ndi mbuzi za phwando. AEustace sankakonda kukwela vani yao mitunda ya kumidzi, koma tsiku limenelo anati apite naye kukatenga alongo aowo. Mvula inali itagwa sabata yonse. Mseu wa kwa Sandwe unali ngati sopo.

Popita anavutika pa dambo lina pamene matope anafika m'maondo. Pamenepo Agnesi anadina batani lozimitsila chothandizila chija, chifukwa m'matope akuya mawilo amafunika azungulile mwamphamvu kuti adzikumbile njila, osati kugwilidwa. Atatuluka anadinanso batani, zonse n'kubwelela m'malo. AEustace anali kalikiliki kupukuta galasi, sanaone kanthu.

Pobwela ndi pamene anakaona. Anali kukwela chitunda cha dothi lofiila, azakhali ali kumbuyo ndi dengu la ufa pamiyendo, mbuzi zikulila. Vani inayamba kugwedeza matako, injini ikubweza mphamvu, kanyali kakuthwanima osalekeza.

"Mlamu, imani! Motoka yaonongeka iyi!"

"Siinaonongeke, alamu. Ili kugwila nchito."

"Simuona nyali iyo? Simumva kugogoda pansi apa? Ndati imani!"

"Ndikaima pano tibwelela chafutambuyo mpaka mumtsinje. Gwilani mpando."

"Motoka ndi yanga!"

"Chiwongolelo ndi changa mpaka pamwamba. Tikafika mudzanditukwane bwino."

Agnesi sanaponde mafuta kwambili, sanasiyenso. Vani inakwela pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokoka ngolo, ndipo mawilo atagwila miyala ya pamwamba kanyali kanazima. Agnesi anaima, n'kuwafotokozela alamu ake zimene Abednego anamuuza. AEustace anamva ndi khutu limodzi. Chimene anasunga n'chakuti nyali inayaka ndipo palibe chinachitika.

Madzulo atafika ku Petauke vani inali yosazindikilika ndi matope. AEustace anati galimoto yonyamula mwana wao siyingapite ku ukwati ili choncho. Anavula shati n'kuitsuka okha, akugogomola ndi ndodo matope ouma amene anamatilila kuseli kwa mawilo.

Loweluka kunacha ndi mvula yowaza. Vani inali itamangidwa maliboni oyela ndi ofiilila. Achibale ndi akwaya anali atatsogola kale pa basi yaing'ono. Otsala anali mkwatibwi, amake aDainess, aEustace, ndi dalaivala. Tsitsi la Thandiwe linachedwetsa anthu, ndipo pamene ankatuluka m'nyumba, wina atamufunditsa ambulela, nthawi inali itatha kale. Abusa anali atanenelatu kuti masana ali ndi mwambo wina kumudzi wakutali, sadzadikila.

Agnesi analiza injini. Tinyali tonse tinayaka n'kuzima monga mwa masiku onse, kupatula tiwili: kagalimoto kokhotakhota kaja, ndi kena kolembedwa ABS. Sitinali kuphethila. Tinangoti nga, kumuyang'ana.

Anazimitsa injini n'kuilizanso. Chimodzimodzi. Anayang'ana batani lija poganiza kuti mwina wina waligunda, koma kanyali kosonyeza kuti munthu wazimitsa dala sikanali kuyaka. Anatsika, n'kukwinya chitenje chake chatsopano cha ukwati, n'kugwada m'matope. Kuseli kwa wilo lakumbuyo la kumanzele, pomwe ndodo inagogomola matope madzulo aja, kawaya kakuda kanali lende, kataduka.

Anaimbila Abednego. Iye anati kasensa ka mtundu umenewo m'tauni mulibe, n'kochita kuitanitsa, ndipo kulumikiza mothamanga ndi manja onyowa sangakulonjeze kuti kugwila. "Mabuleki wamba ali bwino, motoka iyenda," anatelo. "Koma ukaponda buleki mwamphamvu mawilo akhoza kuuma n'kutseleleka, ndipo ikayamba kupita chammbali palibe chokuwongola. Ngati upita, pita monga uli pa thalakitala."

Agnesi analowa n'kutembenukila alamu ake.

"Alamu, motoka ili ndi vuto. Tipita, koma tipita pang'onopang'ono. Imbilani abusa muwauze kuti tichedwa."

AEustace anasuzumila. "Si nyali yomwe ija ya mailo?"

"Ndi yomweyo, koma mailo inali kuphethila. Lelo yangoyaka."

"Kuyaka ndi kuyaka, mlamu. Mailo ine ndinati imani, inu munati palibe vuto. Lelo ine ndikuti thamangani, inu mukuti pali vuto. Kodi nchito yanu ndi kutsutsa ine basi?"

"Mailo inali kunena kuti ndili kukuthandiza. Lelo ikunena kuti sindingathe. Waya waduka kumbuyo uku, bwelani muone."

"Ndavala suti ine."

Ananyamuka. Atalowa mseu waukulu wopita ku Nyimba n'kuona malole akuwapitilila, madzi akuwaza pa galasi, aEustace anayamba kudandaula. Anati mwana wao adzanyozeka pamaso pa apongozi. Anati anthu a ku Kacholola adzanena kuti a kwa Daka ndi osalongosoka. Anatulutsa kapepala ka switi m'thumba, n'kukanyowetsa ndi malovu, n'kukamata pa galasi pamene panali tinyali tija.

"Ndiye izo. Zazima. Tiyeni manje."

Agnesi anakamatula ndi chikhadabo n'kuwabwezela m'manja. "Ndikufunanso kuona liwilo, alamu."

Kumbuyo aDainess anali kupemphela chapansipansi. Thandiwe anangogwila maluwa ake, maso pa zenela.

Chimene Agnesi ankaopa sichinali chigwa cha Petauke. Chinali kutsogolo, kupitilila Nyimba, kumene mseu umayamba kupindika m'mapili. Vani yopanda katundu imapepuka kumbuyo, ndipo mphamvu yake ili ku mawilo akumbuyo omwewo. Pa tala yonyowa, yodonthela mafuta a malole, matako ake sachedwa kutsogola.

Pa Nyimba aEustace analamula kuti aime pa malo omwetsela mafuta. Kumeneko kunali Cosmas, msuweni wa mkwati, amene anatumidwa kudzaona chimene chachedwetsa mkwatibwi. Cosmas amayendetsa takisi pakati pa Nyimba ndi Kacholola, ndipo amadziwika kuti safuna galimoto ina patsogolo pake. Tsiku limenelo takisi yake inali ku galaja, anabwela pa lole.

"Cosmas, tenga motoka iyi," anatelo aEustace. "Mlamu, patseni makiyi."

Agnesi anazimitsa injini, n'kuzula makiyi, n'kuwaika m'kati mwa bulauzi.

"Bwelani muwatenge."

Anthu ogulitsa nthochi m'mbali mwa mseu anayamba kusendela. AEustace anatsika n'kuzungulila ku zenela la dalaivala, mvula ikuwanyowetsa suti.

"Amake Chisomo, musandichititse manyazi pa anthu. Motoka iyi ndinagula ndine."

"Munagula ndinu, sindikana. Mukafuna, tsitsani mwanayu ndi amake, ine ndikupatsani makiyi, inu ndi Cosmas muthamange mmene mufunila. Koma Thandiwe ali m'kati muno, woyendetsa ndine, ndipo ndiyendetsa mmene ndanenela."

"Amai," analowelela Cosmas akuseka, "tunyali utu tumanama. Yanga ija tuyaka tutatu chaka chonse, koma ndifika."

"Yako ili kuti lelo?" anafunsa Agnesi.

Ogulitsa nthochi anaseka. AEustace nkhope inachita mdima.

"Ndinalakwa kutenga munthu wosadziwa ulemu. N'chifukwa chake anthu amanena za inu a ku Mozambiki."

M'banja la Daka palibe amene anali atamuuzapo Agnesi mau amenewo.

"Nenani zonse, alamu, muthe. Mukatha mukwele, chifukwa nthawi imene mukuilila ndi yomwe mukuitaya pano."

Apo Thandiwe anatsitsa galasi, n'kukweza nsalu yophimba kumaso. Mwambo umati mkwatibwi asalankhule pa njila, koma analankhula.

"Atate, Cosmas akakhala pa chiwongolelo ine nditsika, ndiyenda pansi ndi delesi ili mpaka ku Kacholola. Andipeleke amai aang'ono."

ADainess anati, "Kwelani, atate ake Thandiwe. Mwanyowa."

AEustace anakwela, chitseko n'kuchimenyetsa. Cosmas anadziponya kumbuyo kwa vani n'kudzifunditsa tenti.

Agnesi anatsika mapili ndi giya yaing'ono, akuponda buleki msanga ndi mofatsa asanafike pokhota, akusiya mpata waukulu pakati pa iye ndi lole ya patsogolo. Basi yaikulu ya ku Lusaka inawalizila hutala mpaka kutopa. Iye anangoipatukila pamalo owongoka kuti ipite.

Pokhota pena, pamene madzi ochokela m'phili anakokolela dothi pa tala, matako a vani anayamba kupita kumanja. Panalibe kugogoda pansi, injini siinabweze mphamvu, kanyali kanangoyaka mmene kanalili. Agnesi anachotsa phazi pa mafuta mofatsa, osagunda buleki, n'kutembenuzila chiwongolelo kumene matako ankapita. Vani inazengeleza pang'ono, kenako inawongoka. Kumbuyo Cosmas anamenya denga ndi chikhatho, akukuwa zosamveka. ADainess anati, "Yesu!"

AEustace anapukuta kumaso ndi mpango. Kenako anati, "Mwaona? Palibe chachitika. Tikanathamanga tikanafika kale."

Agnesi anaika maso pa mseu n'kupitiliza ndi giya yaing'ono.

Anafika ku Kacholola abusa atapita. Akwaya anali atayimba nyimbo zonse zimene ankadziwa mpaka kuyambilanso. Azimai a kwa mkwati analandila mkwatibwi ndi nthungululu zozizila, ndipo ena ananena mokweza kuti a ku Petauke abwela pa kamba. Anthu anadya chakudya cha phwando ukwati usanadalitsidwe, chifukwa mpunga sukanadikila. Abusa anabwelako dzuwa litapendeka, nsapato zili matope, n'kudalitsa ukwati anthu ena atabalalika kale. Thandiwe anaseka pa zithunzi zonse. Atate ake sanaseke pa chimodzi chomwe.

Pa mwambo wolangiza, aEustace anapepesa kwa apongozi pamaso pa anthu, n'kunena kuti anachedwa chifukwa cha dalaivala wamantha. Agnesi anali kumbuyo akutsuka mbale ndi azimai ena. Anaimilila, manja ali thovu.

"Wamantha ndine, inde," anatelo mokweza. "Mwana wanu uyo, mwamulandila ndi miyendo iwili. Muwelengeni ngati wapelewela."

Azimai ena anaombela m'manja, ena anagwila pakamwa. Titus, mwamuna wake, anayang'ana pansi, koma amene anakhala naye pafupi amati mapewa ake anali kugwedezeka ndi kuseka.

Lolemba aEustace anatuma uthenga kwa mng'ono wao kuti mkazi wake abweze makiyi. Agnesi anakana kuwapeleka kudzela mwa munthu. Anayendetsa vani mpaka kwa Abednego, n'kuisiya pamenepo kuti kasensa kakafika aikemo, kenako anayenda pansi kupita ku sitolo n'kuika makiyi pa kauntala.

"Motoka ili kwa Abednego. Musaipatse munthu isanakonzedwe."

"Simupepesa?" anafunsa aEustace.

"Pa chiyani?"

"Munandinyoza pa Nyimba. Munandinyozanso pa apongozi."

"Pa apongozi munayamba ndinu. Pa Nyimba, mukanditengelanso komweko lelo, ndidzachita zomwezo."

Akulu a mpingo anayesa kuwakhazika pansi. Anauza Agnesi kuti wamkulu salakwa, angogwada nkhani ithe. Iye anati kugwada agwada, chifukwa ndi alamu ake ndipo amawalemekeza, koma pakamwa pake sipadzatuluka mau akuti ndinalakwa. Anagwadadi, n'kuwapatsa moni, n'kudzuka osanena china. AEustace nao sanabweze mau aja a pa Nyimba. Nchito inathela pomwepo.

Miyezi yotsatila Agnesi anabwelela kumunda kwa Kalindawalo. Anakumba nshawa ndi mwamuna wake, akupalasa njinga kupita ku tauni ngati wina aliyense. Madalaivala a pa siteshoni ankamufuulila kuti, "Amai a kanyali, njinga siyinayake nyali lelo?" Iye ankawayankha ndi belu.

Chilimwe chisanathe, gulu lina la azimai ogula nshawa ndi mpendadzuwa kumidzi linapeza kalole kakale, ndipo linasowa munthu woti akayendetse m'njila za kwa Sandwe zimene madalaivala aamuna ankazikana. Wapampando wao, amai Tisunge Mwanza, anali pa ukwati uja ku Kacholola, ku mbali ya mkwati. Anabwela okha kumunda.

"Akuti ndinu wovuta," anatelo amai Mwanza.

"Sananame."

"Ife tili khumi ndi awili, tonse ovuta. Muyamba liti?"

Agnesi anaika khasu pansi n'kufunsa ngati matayala a kaloleko ali ndi mano. Amai Mwanza anati awili akumbuyo ndi osalala ngati chipumi cha mwana. Agnesi anati akasintha amenewo adzamuitane, n'kutolanso khasu lake. Anamuitana sabata yotsatila.